Banki inandikana ngongole ya nkhuku 1,000, ndinabwerera ndi pulani ya 300

Kumayambiriro kwa 2024 ndinapempha ngongole ya K9 miliyoni kubanki ina mu Blantyre kuti ndiwete nkhuku za nyama 1,000 nthawi imodzi. Ndimakhala ku Lunzu ndi amayi anga, ndipo m'mawa ndimaphunzitsa ana pasukulu ya mkaka. Pa nthawiyo ndinali nditazolowera kuweta anapiye 100 m'kachipinda kakuseri kwa nyumba, ndipo nkhuku zinkatha, anthu ankabwera okha pageti. Ndiye mumtima ndinkati ngati 100 zikutha, 1,000 zidzandipatsa phindu lomwelo kuchulukitsa kakhumi.

Pulani ya bizinesi ndinailemba motsanzira ya mnzanga yemwe anaphunzira zamalonda kukoleji. Inali yokongola, ya masamba ambiri, yokhala ndi masomphenya, zolinga, ngakhale chizindikiro cha kampani chomwe mchimwene wanga anandijambulira. Masamu onse anali patsamba limodzi chakumapeto. Ndinalemba kuti K3 miliyoni ndi yomangira khola, yotsalayo ndi ya anapiye ndi chakudya, ndipo pakatha masabata 6 ndidzagulitsa nkhuku zonse 1,000 pa K8,000 imodzi. Kusindikiza, kumanga bukulo ndi thiransipoti yopita m'tauni zinandidyera ndalama yokwana kugula theka la thumba la chakudya cha nkhuku.

Yankho linachedwa kuposa mmene anandiuzira, ndipo litafika linali lalifupi: pempho lanu silinavomerezedwe. Chifukwa sanalembe. Ndinalira, ndipo kwa masiku angapo ndinkauza aliyense kuti mabanki ndi a anthu olemera kale. Amayi sananditsutse. Anangoti, "Mwanawe, wakukana ali ndi pakamwa. Pita ukamufunse." Apa pali chinthu chomwe ambiri sitidziwa: ukhoza kubwerera kwa wogwira ntchito yemwe analandira mapepala ako n'kupempha kuti akufotokozere. Ena amakana, koma kufunsa sikulipiritsa, ndipo amalankhula momasuka akaona kuti sunabwere kudzakangana.

Bambo amene ndinawapeza anatsegula pulani yanga, n'kudumpha masamba onse omwe ndinkanyadira mpaka patsamba la masamu. Anandifunsa kuti, "Achemwali, gawo loyamba la ngongole timadula pakatha mwezi. Tsiku limenelo nkhuku zanu zidzakhala ndi masabata angati?" Ndinati anayi. "Mudzakhala mutagulitsapo?" Ndinati ayi. "Nanga ya kubanki idzachokera kuti?" Ndinangokhala chete. Kenako anatchula zina mwachidule. Mitengo ya chakudya yomwe ndinalemba inali ya mwezi wa Okutobala 2023, kwacha isanagwetsedwe ndi 44 pa 100 mu Novembala. Akaunti yanga inali ndi miyezi ingapo yosalowa kanthu, choncho panalibe umboni woti ndimagulitsadi nkhuku. Ine mwini sindinaikepo ndalama iliyonse. Chikole chomwe ndinatchula chinali malo a amayi, omwe ali ndi kalata ya amfumu yokha, ndipo banki imafuna malo okhala ndi chikalata cha boma.

Ndinatuluka ndili ndi manyazi, koma funso loyamba lija ndi limene linandisowetsa tulo. Ndinapita nalo kwa mlembi wa banki m'khonde yathu, mayi achikulire omwe anagwirapo ntchito yowerengera ndalama pakampani ina asanapume. Anati, "Bweretsa kope ndi pensulo, buku lakolo lisiye kunyumba." Tinayamba ndi nkhuku imodzi yokha, kuti imadya ndalama zingati kuyambira tsiku lofika mpaka tsiku logulitsidwa.

Ndilemba mitengo ya nthawi imeneyo mongoyerekeza, popanda timakwacha ta pamwamba. Lero yakwera, choncho inu muike yanu, koma kawerengedwe n'komweko. Mwanapiye ankagulidwa K1,200. Nkhuku ya nyama imadya makilogalamu pafupifupi 4 m'masabata 6, kuphatikiza sitata, gulowa ndi finisha, kutanthauza matumba 8 a makilogalamu 50 pa nkhuku 100. Thumba linali K55,000, ndiye kilogalamu imodzi ndi K1,100, ndipo nkhuku imodzi imadya K4,400. Katemera wa chitopa ndi wa gumboro, mavitamini, makala owothetsa anapiye, utuchi ndi thiransipoti zinkabwera pa K500 nkhuku imodzi. Zonse pamodzi K6,100. Zomalizazi sindinkaziwerengera n'komwe, chifukwa makala ndinkatapa pa thumba la kukhitchini ndipo ya minibasi inkachoka m'thumba la malipiro anga a kusukulu.

Kenako mayi aja anandifunsa kuti zimafa zingati. Ndinati zochepa. Anati zochepa si nambala. Titakumbukira bwino tinagwirizana pa 5 mwa 100 zilizonse, zambiri zofa sabata yoyamba. Anafunsanso mtengo weniweni wogulitsira, osati womwe ndimatchula pageti. K8,000 ndinkaipeza pa nkhuku zazikulu zoyambirira zokha. Zapakati anthu ankanenerera, ndipo zotsalira ndinkangopereka motsika kuti zichoke. Pakatikati inali K7,500. Tsono anapiye 100 amadya K610,000, ndipo nkhuku 95 zimabweretsa K712,500. Phindu ndi K102,500, pafupifupi K1,000 pa nkhuku imodzi. Ine m'mutu mwanga ndinkayenda ndi phindu loposa kawiri pamenepo.

Tinatenga nambala imeneyi n'kuiika pa pulani ya nkhuku 1,000. Gulu limodzi silitenga masabata 6 monga ndinalembera. Pali masiku ogulitsa, kenako kuchotsa zitosi, kutsuka, kupopera mankhwala ndi kulisiya khola lipume anapiye ena asanalowe, ndiye zonse zimakwana masabata 8, miyezi iwiri. M'miyezi iwiriyo phindu likanakhala K1 miliyoni ndi pang'ono. Nanga ngongole? Mu Febuluwale 2024 banki yaikulu ya dziko lino inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 pa 100, ndipo mabanki amawonjezerapo pawo, makamaka kwa wobwereka wamng'ono ngati ine. Tinawerengera 30 pa 100 pachaka. Pa K9 miliyoni yobweza m'miyezi 12, mwezi uliwonse ndikanapereka pafupifupi K880,000, kutanthauza K1.76 miliyoni pa miyezi iwiri. Phindu silikanakwana. Kusiyanako ndikanakutenga pa mpamba, ndiye gulu lachiwiri likanachepa, lachitatu n'kucheperachepera, pamene gawo la kubanki likanakhala lomwelo mwezi ndi mwezi.

Panali chinanso chomwe chinandiziziritsa thupi. Nkhuku ya nyama ikadutsa masabata 6 siisiya kudya poyembekezera wogula. Imadya kuposa kilogalamu imodzi pa sabata, ndiye kuti kuposa K1,100, pamene phindu lake lonse ndi K1,000. Sabata imodzi yokha yochedwa kugulitsa, phindu lonse lapita, ndipo wogula wapageti sawonjezera mtengo molingana ndi kunenepako. Nkhuku 95 zinkandithera m'masiku ochepa chifukwa ogula ake ndinkawadziwa mayina. Za 950 ndinalibe ngakhale mmodzi woti ndimuloze. Pa tsamba la msika ndinali nditalemba kuti anthu a mu Blantyre amakonda nkhuku. Ndi zoona, koma palibe banki ingadule gawo lake pa mawu amenewo.

Ndinafuna kulembanso pulani sabata yomweyo n'kubwerera. Mayi aja anandiletsa. Anati banki siwerenga zomwe ukulonjeza, imawerenga zomwe zachitika kale, ndipo ine ndinalibe pepala ngakhale limodzi. Choncho miyezi yotsatira ndinaithera pa kusonkhanitsa umboni. Iyi ndi nthawi yomwe inandiwawa kwambiri, chifukwa kunja sikunkaoneka kuti ndikuchita kanthu, ndipo anzanga omwe ndinawauza za khola lalikulu ankandifunsa kuti lafika pati.

Ndinagula kope lachikuto cholimba. Gulu lililonse linali ndi masamba ake: tsiku lofika anapiye, chiwerengero, thumba lililonse ndi mtengo wake, tsiku la katemera, nkhuku iliyonse yakufa ndi tsiku lake, ndi yogulitsidwa iliyonse, kwa ndani, pa zingati, walipira kapena watenga pangongole. Malisiti a kusitolo ndinkawamata kumbuyo. Ndalama iliyonse ya nkhuku, kaya yabwera pamanja kaya pa Airtel Money kapena Mpamba, ndinkailowetsa kaye kuakaunti ndisanaigwiritse ntchito, ngakhale ndikudziwa kuti mawa lake ndiitulutsa kukagula chakudya. Zimenezi zimadya timandalama tolipira potumiza ndi potapa, ndipo zinkandipweteka. Koma mabanki ambiri amafuna sitetimenti ya miyezi 6, ndipo chomwe amayang'anamo ndi kuyenda kwa ndalama, osati kuchuluka kwa yotsala. Musadikire mpaka tsiku lomwe mwaganiza zobwereka, yambani lero ngakhale ndi akaunti yotchipa. Ndinalembetsanso dzina la bizinesi ndi kutenga nambala ya msonkho ya TPIN ku MRA. Ndinabwezanso kangongole ka pafoni komwe ndinali nditakanyalanyaza, nditauzidwa kuti mabanki amafufuza mbiri ya munthu kumabungwe osunga mbiri ya ngongole, ndipo kangongole kakang'ono kosabwezedwa kakhoza kuonekera kumeneko.

Kopelo linandionetsa zinthu zomwe sindikanazidziwa. Mu Juni ndi Julayi makala ankapita ochuluka kuposa nthawi zina chifukwa cha kuzizira. Pafupifupi nkhuku imodzi mwa zitatu inkatengedwa pangongole yolipira pakutha pa mwezi, ndipo ena ankadumphitsa mwezi. Papepala ndi phindu, koma kusitolo ya chakudya salandira dzina la wangongole. Ndinayamba kukana ngongole kwa aliyense amene sanamalize yakale, ndipo anthu ena a kumpingo anandikwiyira. Ndinayenderanso ogula okhazikika: anyamata a chiwaya pamsika wa Lunzu, mayi wina wa lesitilanti, ndi bambo wina wogulitsa nkhuku zosadzula kale. Ndinawapempha kuti alembe pa pepala kuchuluka komwe angatenge pa mwezi ndi mtengo wake, asayine ndi kuika nambala ya foni. Si mgwirizano woti ungapite nawo kukhoti, koma wa kubanki akhoza kuimba n'kumva yekha. Nditaphatikiza, ogula okhazikikawo anakwana nkhuku pafupifupi 100 pa mwezi, ndipo apageti ankatha kutenga 40 kapena 50. Nambala imeneyi ndi imene inandiuza kukula kwa bizinesi yanga, osati kukula kwa malo a amayi.

Pulani yachiwiri ndinaiyamba kuchokera pa tsiku lodula banki, n'kumabwerera m'mbuyo. Banki ikufuna ndalama mwezi uliwonse, ndiye nkhuku nazonso zizigulitsidwa mwezi uliwonse. Ndinakonza makola awiri a nkhuku 150 lililonse, osiyana msinkhu ndi masabata 4. Pamene khola loyamba likugulitsidwa, lachiwiri lili pakati pa kukula, ndipo pamene lachiwiri likugulitsidwa, loyamba lalandira kale anapiye atsopano. Njirayi ili ndi vuto lake lomwe ndinalilemba poyera: matenda amachoka kwa zazikulu kupita kwa anapiye. Choncho makolawo ndinawatalikitsa, lililonse ndi zodyera, zomwera ndi nsapato zake, ndipo tsiku lililonse ndimayambira kwa anapiye kenako kwa zazikulu. Malo ndinawerengera nkhuku 10 pa sikweya mita imodzi, ndiye khola la mamita 3 m'lifupi ndi 5 m'litali linakwanira.

Gulu la 150 limadya K915,000. Zikafa 5 mwa 100 zimatsala 142, zomwe pa K7,500 zimabweretsa K1,065,000. Phindu ndi K150,000 pa mwezi. Kuti zonse ziyambe pankafunika K1,830,000 ya magulu awiri ndi K400,000 yomangira khola lachiwiri ndi kukuza lakale, zonse K2,230,000. Zanga, kuphatikiza mpamba womwe unkazungulira kale, phindu lomwe ndinasunga ndi masheya anga kubanki m'khonde, zinakwana K1,030,000. Ndinapempha K1,200,000. Ndinalembanso kuti chaka choyamba sindidzadya za nkhuku, ndidzadalira malipiro a kusukulu, chifukwa pulani yosanena chomwe mwini wake adzadya imasiya wowerenga akuganiza kuti adzadya mpamba.

Tsamba lofunika kwambiri linali la kayendedwe ka ndalama, ndipo tinalilemba sabata ndi sabata, osati mwezi ndi mwezi. Mzere uliwonse unali ndi zolowa, zotuluka ndi zotsala m'manja. Lamulo la mayi a banki m'khonde aja linali limodzi: pamzere wa zotsala pasapezeke sabata yomwe ndalama yatha. Apa ndi pamene funso la bambo a kubanki linayankhidwa. Popeza gulu lachiwiri limalowa mochedwa ndi masabata 4, ndalama ya chakudya chake imakhala isanagwire ntchito pamene gawo loyamba la ngongole likudulidwa, ndiye gawolo limachoka pamenepo, n'kudzabwezeretsedwa gulu loyamba likagulitsidwa. Ngongole za pakutha pa mwezi ndinaziika pa sabata yomwe anthu amalipiradi, osati yomwe atengera nkhuku.

Titamaliza ndinasangalala, chifukwa pa miyezi 12 gawo la mwezi linali K117,000, pansi pa phindu la K150,000. Mayi aja anatenga pensulo n'kunena kuti, "Mwana wanga, tsopano kweza thumba ndi 10 pa 100 tione." Ndalama yomwe nkhuku iliyonse imadya inakwera ndi K440, ya gulu lonse ndi K66,000, ndipo phindu linatsika kufika pa K84,000. Pulani yanga yatsopano inagwa ndi kukwera kamodzi kokha kwa chakudya, chinthu chomwe chinali chitachitika kale kangapo chaka chimenecho. Ndinakhumudwa ngati tsiku lomwe banki inandikana. Tinayesa kutalikitsa nthawi yobweza kufika miyezi 18, ndipo gawo la mwezi linatsika kufika pafupifupi K84,000. Mtengo wake ndi woti pamapeto ndikanabweza pafupifupi K1.5 miliyoni m'malo mwa K1.4 miliyoni. Ndinasankha kulipira K100,000 yowonjezerayo. Tsamba la kukwera kwa chakudyali ndinaliika m'pulani momwemo, pamodzi ndi chomwe ndingachite: kukweza nkhuku ndi K500 kumabweza K71,000, koma ogula okhazikika amafuna kuuzidwa pasadakhale. Ndalama ya manyowa sindinaiwerengere dala, kuti ikhale yogwira pakagwa zadzidzidzi.

Chikole chinali nkhani ina. Malamulo a dziko lino amalola kuti katundu wosunthika, monga njinga yamoto kapena makina, akhale chikole, koma ine ndinalibe chilichonse chamtengo wotere. Njira yomwe inatsala inali munthu wondiyimira, wolandira malipiro kudzera kubanki yomweyo. Ndinapita kwa amalume anga, aphunzitsi a pulayimale. Ndinagwada n'kuwafotokozera mosabisa kuti ndikalephera, banki idzadula malipiro awo. Anawerenga kope lija tsamba ndi tsamba, osati pulani, n'kundifunsa za sabata ina yomwe zinafa zisanu ndi ziwiri. Ndinawauza kuti mbaula inazima usiku. Anati, "Chabwino mphwanga, ndisayina, koma kope ili ndiziliona mwezi uliwonse." Mpaka lero amaliona.

Ndinapereka pempho lachiwiri mu Okutobala, ndili ndi chiyembekezo choti anapiye alowe pakati pa Novembala n'kukwanira pa Khirisimasi, nthawi yomwe nkhuku siigona m'khola. Pulani inali ya masamba ochepa, koma kumbuyo kwake kunali sitetimenti, mafotokope a kope, malisiti, makalata a ogula ndi mitengo yolembedwa ndi a sitolo mwezi womwewo. Bambo a kubanki aja anayamba ndi tsamba la masabata, analitsata ndi chala mpaka pansi, n'kungoti, "Eya, izi ndiye tikhoza kukambirana." Anatumiza munthu kudzaona khola, ndipo anaimbiradi mayi wa lesitilanti. Kenako kunali zii. Mapepala a amalume anabwezedwa kuti asayinidwenso, ndipo ndalama inalowa pakati pa Disembala, msika wa Khirisimasi utandidutsa kale.

Sanandipatse yonse. Anavomera K1 miliyoni pa miyezi 18, gawo la mwezi pafupifupi K70,000, ndipo asanailowetse anadulapo ya kukonza ngongole ndi ya inshulansi. Zodulidwazi sindinaziike m'pulani, ndipo zinakwana pafupifupi thumba limodzi la chakudya. Funsani pasadakhale kuti m'manja mwanu mudzafika zingati, komanso ngati chiwongoladzanja chili chokhazikika kapena chimasintha banki yaikulu ikasintha chake. Thumba nalo linali litakwera kale kuposa pa mtengo wa m'pulani. Ndinabwerera ku tsamba la masabata ndi ndalama yeniyeniyo, ndipo linaonetsa kuti ndikaika 150 m'khola lachiwiri ndidzasowa finisha sabata yachisanu. Ndinaikamo 100.

Gulu loyamba linakwanira kumapeto kwa Januwale, nthawi yoipa kwambiri pa malonda, anthu atalipira fizi ndi kugula feteleza, chimanga chitakwera mtengo. Apageti anachepa. Amene anandipulumutsa ndi ogula a makalata aja, ngakhale mmodzi wa anyamata a chiwaya anatenga theka la zomwe analonjeza. Nkhuku pafupifupi 30 zinakhala sabata yowonjezera, ndipo pa zimenezo sindinapeze kanthu. Mwezi umenewo gawo la kubanki linakwana chifukwa cha manyowa omwe ndinagulitsa kwa alimi a tomato.

Khola lachiwiri linafika pa 150 patapita magulu angapo, kuchokera m'phindu. Mitengo yonse ya m'pulani yasintha, ndipo tsamba la masabata ndimalilembanso nthawi iliyonse thumba likakwera, ndisanaitanitse anapiye. Mchimwene wanga akundikakamiza kuti timange khola lachitatu popeza njerwa zilipo. Ndamuuza kuti ayambe wandipezera ogula okhazikika a nkhuku zina 100 pa mwezi, olemba pa pepala. Pakadali pano wapeza a 20.